Apulezo yanu ikamanena zosiyana ndi zomwe munalemba chaka chonse, muchite izi

Ine zinandichitikira pa 14 Januwale, tsiku limeneli sindiliiwala. Ndinalowa mu ofesi ya bwana wanga ndili ndi mtima woti chaka chapitacho ndinagwira bwino ntchito, ndinatulukamo ndili ndi fomu ya apulezo, ija bwana amaunikira mmene wagwirira ntchito chaka chonse n'kukupatsa malikisi, ndipo inandipatsa 2 pa 5, ndipo pa kampani imeneyo 2 amatanthauza kuti munthu sukufika pa mlingo womwe akufuna, bonasi palibe, kukwezedwa uiwale kaye. Pa fomupo panali zinthu zitatu. Choyamba akuti ndimachedwa kawirikawiri kutumiza lipoti la pamwezi. Chachiwiri akuti ndinalephera tageti ya makasitomala atsopano 55. Chachitatu akuti sindigwirizana bwino ndi anzanga. Pomwe ine ndinali ndi kabuku kanga komwe ndimalembamo ntchito sabata ndi sabata, ndipo kabukuko kamanena zina ndithu. Zomwe ndilembe apazi ndi zomwe ndinachita kuyambira tsiku limenelo mpaka nkhani inatha, kuphatikizapo pomwe ndinapeza kuti wolakwa ndinali ine.

Poyamba penipeni, mu mitingi momwemo, musayambe kudziteteza. Ndikudziwa kuti mtima umawawa, thupi limatentha, ndipo umafuna kunena pompo kuti bwana zimenezi si zoona. Koma nthawi imeneyo umboni mulibe m'manja, muli ndi zokumbukira basi, ndipo bwana nayenso ali ndi zokumbukira zake, nde mukayamba kukangana zimangokhala mawu anu ndi mawu ake ndipo amene ali ndi udindo ndi amene amapambana. Chomwe mukufuna mu mitingi imeneyi ndi chimodzi, kutulukamo mukudziwa bwinobwino chomwe akukunenani. Ndiye funsani mafunso ndipo muzilemba mayankho iye akuona. Ine ndinafunsa kuti, "Bwana, mwati ndimachedwa kawirikawiri, mungandikumbutseko miyezi yake kuti ndikayang'ane?" Anati sakukumbuka yonse koma posachedwapa zakhala zikuchitika. Ndinalemba mawu akuti posachedwapa aja, ndipo anadzandithandiza kwambiri. Ndinafunsanso kuti nambala ya 55 ikuchokera pati, anati tinagwirizana mu Ogasiti. Za kusagwirizana ndi anzanga ndinapempha chitsanzo chimodzi chokha, ananditchulira za mitingi ina ya mu Novembala. Basi, sindinatsutse chilichonse tsiku limenelo. Ndinangoti ndamva, ndikupempha masiku angapo kuti ndikaone zolemba zanga kenako tidzakambirananso.

Ena amaganiza zojambula mawu pa foni mobisa. Ine ndingati musatero. Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, makampani ambiri amaletsa, ndipo zikadziwika nkhani imachoka pa apulezo yolakwika ija n'kukhala ya inu wojambula anthu mobisa. Cholembera ndi pepala zikukwanira.

Kenako pamabwera nkhani yosaina, apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Werengani timawu tomwe tili pamwamba pa malo osainapo. Mafomu ambiri amanena kuti kusaina kukutanthauza kuti mwalandira ndipo mwakambirana, osati kuti mwavomereza, koma alipo ena omwe amalemba kuti ndikugwirizana ndi zomwe zalembedwa, nde musangoganiza, werengani. Ngati akulolani kupita nayo fomuyo osasaina kuti mukaiwerenge modekha, ndi bwino kutero. Ngati akuti musaine pompo, sainani koma pambali pa siginecha lembani ndi dzanja lanu kuti "Ndalandira pa 14 Januwale. Zina mwa zomwe zalembedwa sindikugwirizana nazo, yankho langa lolemba likubwera." Ngati fomu yake ndi ya pakompyuta, nthawi zambiri pamakhala kabokosi ka ndemanga ya wantchito, lembani mawu omwewo mmenemo musanadine batani lovomereza, chifukwa masisitimu ena mukangodina amatseka ndipo simungawonjezerenso kanthu. Kukaniratu kusaina sikuthandiza kwenikweni, amangolemba kuti wakana kusaina n'kuika fomuyo mufayilo yanu chimodzimodzi, ndipo tsopano mukuoneka ngati munthu wovuta pomwe mfundo zanu sizinalembedwe paliponse. Musatuluke opanda kope lanu.

Tsiku lomwelo, musanagone, pezani buku la malamulo a pantchito kapena kontirakiti yanu, muyang'ane gawo lokamba za apulezo ndi madandaulo. Mukufuna zinthu zitatu: masiku angati omwe muli nawo oti muyankhe kapena kuchita apilo, yankholo lipite kwa ndani, komanso ngati mukuloledwa kubwera ndi munthu wina ku mitingi, monga mnzanu wa pantchito kapena nthumwi ya yuniyoni. Kwathu anali masiku 10 ogwira ntchito kuchokera tsiku lolandira fomu. Kwina amapereka ochepa kuposa pamenepo, ndipo ndaonapo munthu ali ndi umboni wabwino kwambiri akuuzidwa kuti nthawi inadutsa chifukwa anatha masabata atatu akungodandaula kwa anzake. Ngati buku lake simukulipeza, tumizani imelo yaifupi ku ofesi yoona za antchito, mungofunsa kuti munthu akafuna kuyankha pa apulezo ndondomeko yake ndi yotani ndipo ali ndi masiku angati. Osafotokoza nkhani yanu panopa, funso lokhalo basi.

Tsopano ntchito yeniyeni, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe nkhani imapambanira kapena kugwera. Tengani fomu ija, chiganizo chilichonse chomwe chikukunenani muchilembe pachokha. Mukatero muona kuti sizofanana. Zina ndi zinthu zoti munthu angawerenge kapena kuyang'ana deti, monga malipoti kuchedwa kapena tageti. Zina ndi maganizo a munthu, monga sagwirizana ndi anzake, alibe chidwi, sadzipereka. Zoyambazo mungazitsutse ndi umboni ndipo zikhoza kusinthidwa. Zachiwirizo ndi zovuta, simungabweretse pepala losonyeza kuti muli ndi chidwi. Nde mphamvu zanu zambiri ziike pa zowerengeka.

Ndipo kabuku kanu kaja, kapena kafayilo komwe mumalembamo, si umboni pakokha. Izi zinandiwawa kuzivomereza koma ndi zoona. Kabukuko munalemba ndinu, bwana akhoza kungoti munalemba zomwe mumafuna. Ntchito ya kabuku ndi kukulozerani komwe umboni uli. Umboni weniweni ndi chinthu chomwe chili ndi deti yomwe simunaike ndinu, kapena chomwe munthu wina anasaina kapena kulemba: imelo yomwe munatumiza, fomu ya zolinga yomwe munasainirana kumayambiriro kwa chaka, manambala a musisitimu ya kampani, maminitsi a mitingi, meseji ya bwana yoyamikira ntchito inayake, apulezo ya pakati pa chaka ngati inachitika.

Ndiye ine ndinayamba ndi malipoti. Lamulo linali loti lipoti lizifika kwa bwana pofika pa 5 mwezi uliwonse. Ndinatsegula maimelo omwe ndinatumiza, ndinapeza onse 12, ndikulemba deti ya lililonse. Malipoti 9 anapita pa 5 kapena tsikulo lisanafike. Atatu anachedwa. La mu Epulo linapita pa 9, ndipo ndinapeza imelo yosonyeza kuti manambala ochokera ku akaunti, omwe popanda iwo lipotilo silingalembeke, anandipeza pa 8, komanso imelo yanga ya pa 4 yodziwitsa bwana kuti ndikudikira manambalawo. La mu Novembala linapita pa 11 ndipo apa panalibe chifukwa, ndinachedwa ine. La mu Disembala linapita pa 8, nthawi yomwe ndimagwiranso ntchito za mnzanga amene anali atasiya, koma sindinamuuze bwana pasadakhale kuti ndichedwa, nde naponso mbali ina ndi yanga.

Apa ndi pomwe mawu aja akuti posachedwapa anamveka. Malipoti awiri omaliza a chaka ndi omwe anachedwa, motsatizana, patangotsala masabata ochepa kuti bwana akhale pansi kulemba apulezo. Sanali kunama mwadala ayi. Munthu akamalemba za chaka chonse popanda zolemba, mutu wake umamupatsa zomwe zachitika miyezi iwiri itatu yapitayi, ndipo zimenezo zimaoneka ngati chaka chonse. Izi zimachitika kwambiri pa ma apulezo, ndipo kuzidziwa kumasintha mmene mulembere yankho lanu, chifukwa simukulembera mdani, mukulembera munthu amene waiwala Febuluwale mpaka Okutobala.

Kenako tageti. Fomu ya zolinga yomwe tinasainirana mu Januwale wa chaka chimenecho inanena makasitomala atsopano 40. Nambala ya 55 ndinaikumbukira, bwana anaitchula mu mitingi ya gulu lonse mu Ogasiti, kunena kuti zinthu zikuyenda bwino tiyeni tiyesetse kufika 55 aliyense. Koma ndinafufuza paliponse, panalibe imelo, panalibe fomu yatsopano, maminitsi a mitingiyo anangoti tinakambirana zokweza malonda. Buku la malamulo lija limanena kuti zolinga zikasintha pakati pa chaka zilembedwe ndipo onse awiri asaine. Ndiye pa pepala tageti yanga inali idakali 40.

Koma mverani izi. Kabuku kanga kamati ndinabweretsa makasitomala 51. Nditayang'ana musisitimu ndinapeza 47. Ndinakhala madzulo onse ndikufananiza dzina ndi dzina mpaka ndinapeza kuti anayi aja ndinawawerenga tsiku lomwe anasaina mapepala, pomwe kampani imawerenga kasitomala akapereka oda yoyamba, ndipo anayiwo anali asanagule kalikonse chaka chisanathe. Ndikanapita kwa bwana ndi 51, iye akanangotsegula sisitimu n'kundionetsa 47, ndipo kuchokera pamenepo nambala iliyonse yomwe ndikanatchula akanaikayikira, ngakhale za malipoti zomwe zinali zoona. Nde musanatsutse munthu, yambani mwatsutsa zolemba zanu. Funsani kuti kodi ine ndi kampani tikuwerenga mofanana? Kodi chaka cha apulezo chikuyambira mwezi womwe ine ndikuganiza? Makampani ena chaka chawo sichiyamba Januwale, ndipo ntchito yanu yabwino kwambiri ikhoza kukhala kuti inagwera m'chaka china. Kusiyana kwambiri pakati pa zolemba za wantchito ndi za bwana kumachokera apa, pa kawerengedwe, osati pa bodza.

Chenjezo limodzi lokhudza kusonkhanitsa umboniwu. Musatumize mafayilo a kampani ku imelo yanu ya panokha, musakopere mndandanda wa makasitomala pa fulashi, musajambule zinsinsi za kampani pa foni. Makampani ambiri amatenga zimenezi ngati mlandu waukulu woti munthu akhoza kuchotsedwa nawo ntchito, ndipo zingakhale zomvetsa chisoni kuluza ntchito pofuna kukonza malikisi. Chomwe ine ndinachita ndi kulemba mndandanda wa madeti ndi mitu ya maimelo, kuti aliyense amene ali ndi chilolezo akhoza kukaziona yekha musisitimu. Fomu zanu zomwe munapatsidwa, monga ya zolinga ndi ya apulezo, zimenezo sungani kope kunyumba. Komanso musapite kwa anzanu kukawapempha kuti akulembereni makalata okuikirani kumbuyo, mumawaika pamalo ovuta ndipo nkhani imafika kwa bwana isanakwane nthawi yake, itasinthikanso.

Za chinthu chachitatu chija, kusagwirizana ndi anzanga, ndinaganizira mitingi ya mu Novembala yomwe bwana anatchula. Zoona, ndinakana pagulu kutenga ntchito ina yowonjezera ndipo ndinayankhula mokweza mawu, ndinali nditatopa ndi ntchito za anthu awiri. Chifukwa chokanira chinali chomveka koma kayankhulidwe sikanali bwino. Ndinaona kuti apa sindilimbana napo kwambiri, ndingopempha kuti chiganizocho chinene za tsiku limenelo osati kuoneka ngati ndi khalidwe langa la chaka chonse.

Mukamaliza zonsezi, musathamangire ku ofesi yoona za antchito kapena kwa bwana wamkulu. Bwererani kaye kwa amene analemba fomuyo. Chifukwa chake n'chakuti munthu savutika kukonza cholakwika chake iye mwini mwakachetechete, koma akaitanidwa ndi akuluakulu kuti afotokoze amayamba kuteteza zomwe analemba ngakhale akudziwa kuti zinalakwika. Ine ndinatumiza imelo pa 17 yopempha mphindi 30, ndinati ndayang'ana zolemba zanga ndipo pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna tionere limodzi. Koma samalani, kukumana kumeneku sikuimitsa masiku aja a apilo. Ngati bwana akuzengereza, akuti mawa, akuti sabata ya mawa, inu perekani yankho lanu lolemba nthawi isanathe, mitingi ichitike kapena isachitike.

Tinakumana pa 20. Ndinayamba ndi zomwe ndikuvomereza, ndinati, "Bwana, la Novembala ndi la Disembala ndinachedwadi, pamenepo mukunena zoona." Nkhope yake inamasuka pompo. Kenako ndinaika pa tebulo pepala limodzi la madeti 12 aja ndi fomu ya zolinga yokhala ndi siginecha yake, ndinafunsa kuti, "Mukaona izi, mawu akuti kawirikawiri akukwanira? Ndipo tageti yomwe tiyezere ndi iti, 40 yomwe tinasainirana kapena 55?" Ndinasiya funsolo kuti ayankhe yekha, sindinawonjezere mawu. Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana pepalalo, kenako anati za malipoti wavomera kuti anakulitsa, koma za 55 iye amaona kuti aliyense anamva. Ndinati ndinamvadi, ndipo ndinayesetsa, n'chifukwa chake ndinafika 47 m'malo moima pa 40, koma sizinalembedwe ngati tageti yatsopano.

Apa anandiuza chinthu chomwe sindimachidziwa, ndipo n'chofunika kuti inunso muchidziwe. Anati malikisi aja sanali ake yekha. Mabwana a madipatimenti onse amakhala pamodzi kufananiza malikisi a anthu awo, ndipo pamakhala malire a anthu angati omwe angapeze malikisi apamwamba, ena ayenera kutsika. Makampani ambiri akuluakulu amachita zimenezi. Tanthauzo lake ndi loti bwana wanu akhoza kuvomera kuti munalakwiridwa koma osatha kusintha nambala payekha, akufunika pepala loti apite nalo kwa anzake aja. Yankho lanu lolemba ndiye pepala limenelo. Ndiye funsani mwachindunji kuti amene angasinthe malikisiwa ndi ndani, ndipo akufunika chiyani kuti atero.

Yankholo likhale la tsamba limodzi. Ndikudziwa kuti muli ndi zambiri mumtima, ine ndinayamba ndalemba masamba anayi, munali za chaka chatha, za mnzanga amene amakondedwa, za maola omwe ndimaweruka usiku. Ndinazichotsa zonse. Amene adzawerenge pepalali mwina sakukudziwani, mwina adzaliwerenga patapita zaka ziwiri mukufunsira udindo wina, ndipo chomwe akufuna kuona ndi zomwe fomu ikunena, zomwe zolemba zikusonyeza, ndi chomwe mukupempha. Langa ndinapereka pa 21 ndipo linali motere:

"Ndikuyankha pa apulezo yomwe ndinalandira pa 14 Januwale. Fomu ikunena kuti ndimachedwa kawirikawiri kutumiza lipoti la pamwezi. Maimelo akusonyeza kuti mwa malipoti 12, okwana 9 anafika pa nthawi yake. La Epulo linachedwa chifukwa manambala a ku akaunti anafika pa 8, ndipo ndinadziwitsa bwana pa 4. La Novembala ndi la Disembala ndinachedwa ine ndipo ndikuvomereza. Madeti onse ali pa tsamba lomwe ndaphatikiza. Fomu ikunenanso kuti sindinafike pa tageti ya makasitomala 55. Fomu ya zolinga yomwe tinasainirana mu Januwale ikunena 40, ndipo sindinapeze chikalata chosintha nambalayi. Sisitimu ikusonyeza kuti ndinabweretsa 47. Pa nkhani ya kugwirizana ndi anzanga, chitsanzo chomwe ndinapatsidwa ndi cha mitingi imodzi ya mu Novembala, ndikuvomereza kuti sindinayankhule bwino tsiku limenelo. Ndikupempha zinthu zitatu: ziganizo ziwiri zoyambazo zikonzedwe kuti zigwirizane ndi zolembazi, malikisi aunikidwenso potengera tageti ya 40, ndipo yankho ili liikidwe mufayilo yanga pamodzi ndi fomuyo."

Muone kuti mulibe mawu akuti kukondera, nkhanza, kapena bodza. Mulibe dzina la mnzanga aliyense. Mukangolemba kuti uje amachedwa kuposa ine koma wapeza 4, nkhani yachoka pa inu, ndipo adzakuyankhani kuti za munthu wina sitikambirana nanu, basi yathera pomwepo. Muonenso kuti pempho lili ndi magawo, kuti ngakhale akane kusintha nambala pakhale zina zomwe angavomere. Tumizani pa imelo kwa bwana ndi kope ku ofesi yoona za antchito, kapena kwa amene buku lija latchula, ndipo ngati mwapereka pepala pamanja pemphani kuti akusainireni pa kope lanu kuti alandira. Musanatumize lisiyeni ligone usiku umodzi, m'mawa mudzapezamo mawu awiri atatu omwe analembedwa ndi mkwiyo.

Zotsatira zake kwa ine zinabwera patatha masabata atatu. Malikisi anachoka pa 2 kufika pa 3. Chiganizo cha malipoti anachilembanso kuti malipoti awiri omaliza anachedwa. Cha tageti anachichotsa. Cha kusagwirizana ndi anzanga chinatsala mmene chinalili, sanasinthe ngakhale liwu limodzi, koma yankho langa linamatidwa kumbuyo kwake. Ine mumtima ndimaona kuti ndimayenera 4, ndipo mpaka pano ndimaona choncho, koma umboni womwe ndinali nawo umangokwanira kusonyeza kuti 2 inali yolakwika, sumakwanira kusonyeza kuti 4 ndiye yoyenera. Malire a njira imeneyi ndi amenewo, imakonza zinthu zowerengeka, maganizo a bwana pa inu siingawasinthe.

Nanga akakana zonse? Ngati bwana waona madeti ndi siginecha yake koma akuti sasintha kanthu, apa ndiye muchite apilo motsatira ndondomeko ija, ndi pepala lomwelo, osawonjezera mkwiyo. Kumbukirani kuti ofesi yoona za antchito ndi ya kampani, si loya wanu. Chomwe amayang'ana kwambiri ndi ngati ndondomeko inatsatidwa, nde mfundo ngati yakuti tageti inasinthidwa popanda kulemba imawagwira kuposa yakuti bwana sandikonda. Ngati muli mu yuniyoni, nthumwi yanu iuzeni msanga, masiku asanathe.

Pali nthawi zina pomwe nkhaniyi si ya kuiwala kapena kawerengedwe, ndipo ndi bwino kuzindikira msanga. Ngati zaka zonse mumapeza malikisi abwino kenako mwadzidzidzi atsika mutangodandaula za chinthu china, kapena mutangobwera kutchuthi cha uchembere kapena cha matenda, kapena mutakana zomwe bwana amafuna zosakhudza ntchito. Ngati mukapempha chitsanzo sakupatsani ngakhale chimodzi, kapena zifukwa zikusinthasintha, lero akuti malipoti, mukabweretsa madeti akuti ayi vuto ndi khalidwe. Ngati apulezoyo yabwera limodzi ndi kalata yochenjeza kapena pulani yoti musinthe m'masiku owerengeka apo ayi ntchito itha. Zikatere lembani mndandanda wa zochitika ndi madeti ake, ndipo mufunse malangizo kunja kwa kampani, kwa yuniyoni, ku ofesi ya boma yoona za ntchito kapena kwa loya wa nkhani za ntchito, musanasaine china chilichonse ndipo makamaka musanalembe kalata yosiya ntchito, chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko ndipo kusiya nokha kukhoza kukutayitsani zina zomwe mukanayenera kulandira. Ngati akupatsani pulani ija, onetsetsani kuti chilichonse chomwe akufuna chili ndi nambala kapena deti. Mawu akuti awonjezere chidwi simungawakwanitse chifukwa palibe choyezera, koma akuti lipoti lifike pofika pa 5 kwa miyezi itatu mungakwanitse ndipo mungasonyeze.

Chomaliza chomwe ndinasintha ndi kalembedwe kanga ka zolemba. Kabuku ndinapitiriza, koma ndinaona kuti vuto lake kanali kanga ndekha, bwana sanakaonepo chaka chonse. Ndiye ndinayamba kumutumizira imelo ya mizere isanu kumapeto kwa mwezi uliwonse: lipoti linapita pa deti yakuti, makasitomala atsopano musisitimu afika akuti pa tageti yakuti, chomwe chachedwa ndi ichi chifukwa cha ichi, ngati pali chomwe mukuona mosiyana mundiuze. Nthawi zambiri amangoyankha kuti ndaona, ndipo zimenezo zimandikwanira. Ndipo tsiku lina mu Juni atanenanso mu mitingi kuti tiyeni tikweze manambala, ndinabwerera pa desiki n'kumulembera pompo kuti, "Bwana, mu mitingi ya lero mwatchula 60. Kodi imeneyi ndi tageti yanga yatsopano m'malo mwa 50 yomwe tinasainirana? Ngati ndi choncho ndikupempha tisinthe fomu." Anayankha madzulo omwewo kuti ayi, 50 ikhale, 60 ndi chikhumbo chabe cha gulu lonse, ndipo imelo imeneyo ndinaiika mufoda ya apulezo ya chaka chimenecho.